Zenera, mphaka ndi mizere 16: lipoti la alamu ya nyumba yosungira katundu ku Luchenza

Ntchito iyi inandipeza mwezi wa Julayi, mkati mwa chiperoni. Mayi ena amene amagulitsa feteleza ndi mbewu ku Luchenza, m'boma la Thyolo, anandiitana kuti ndiwaikire alamu m'nyumba yawo yosungira katundu, nyengo yogula nandolo isanafike. Nyumbayo ndi ya njerwa zootcha, yofolera ndi malata. Ili ndi chitseko chimodzi chachitsulo kumaso, ndi zenera limodzi kuseri loyang'ana kumunda. Alonda alipo, bambo achikulire, koma amayang'anira masitolo atatu ndipo kanyumba kawo kali chakumsewu. Mkatimo mumagonanso mphaka, amene anamuika dala kuti azithana ndi makoswe oboola matumba a mbewu.

Mayiwo anali ataikitsapo alamu ina kale. Inkalira pa chilichonse: mphepo ikagwedeza zenera, inkalira, mphaka akadumpha pa matumba, inkaliranso. Patapita milungu ingapo anthu oyandikana nawo analeka kutuluka, alonda analeka kudzuka, ndipo mayiwo anangoizula. Ndiye zimene ankafuna kwa ine sizinali masensa ambiri ayi. Ankafuna alamu imene ikalira, munthu akhulupirire kuti kwagwadi kanthu.

Ndinawapempha kuti anene zimene akufuna m'mawu awoawo, ndipo ndinalemba m'kope momwe ananenera:

"Ndikakiya madzulo, alamu izilira chitseko chikatseguka kapena zenera likatseguka ndipo mkati mwayenda chinthu. Masana isamalire."

Chiganizo chimenechi ndiye chinali ntchito yonse. Mawaya ndi kukhoma zinatitengera tsiku limodzi. Kumvetsa chiganizochi kunatitengera maulendo atatu.

Kutcha mayina

Choyamba ndimafufuza m'chiganizo zinthu zimene zili ndi mayankho awiri okha, eya kapena ayi. Pano zinalipo zinayi, ndipo chilichonse ndinachipatsa chilembo, n'kulemba pambali pake tanthauzo la 1 ndi la 0.

`K` ndi kiyi wa alamu: 1 ngati mayi akiya, 0 ngati sanakiye. `C` ndi chitseko: 1 ngati chili chotsegula. `Z` ndi zenera: 1 ngati lili lotsegula. `M` ndi sensa yoona kuyenda mkati: 1 ngati yaona chinthu chofunda chikusuntha. Chotuluka ndi `A`, sayirini: 1 ngati ikulira.

Onani kuti mawu oti "masana" ndi "madzulo" sindinawapatse chilembo. Alamu iyi ilibe wotchi ndipo siona dzuwa. Nditafunsa, mayiwo anati nthawi yogula nandolo amatha kukhala m'nyumbamo mpaka 9 koloko usiku akupima matumba, ndipo Lamulungu masana onse kumakhala kotseka. Choncho "masana" awo ankatanthauza nthawi imene eni ake alipo, ndipo chimene chimanena zimenezo ndi kiyi basi. Chiganizo chachiwiri chija, "masana isamalire", chinangosanduka ichi: `K` ikakhala 0, `A` ndi 0.

Kulemba tanthauzo la 1 kumaoneka ngati kutaya nthawi, koma pamenepa ndi pamene anyamata ambiri ophunzira ntchito amagwera. Wina amalemba "C ndi chitseko" n'kusiya pomwepo. Akafika pa mzere wachisanu ndi chiwiri, sakukumbukanso ngati 1 anali chitseko chotseka kapena chotsegula. Ine ndimasankha kuti pa sensa iliyonse 1 akhale mbali ya vuto, ndipo sindisintha.

Chiganizo chimodzi, matanthauzo awiri

Werenganinso mawu a mayi aja. "Chitseko chikatseguka kapena zenera likatseguka ndipo mkati mwayenda chinthu." Mawu omaliza aja, "ndipo mkati mwayenda chinthu", akugwira zenera lokha, kapena akugwira chitseko ndi zenera lomwe? Munthu akamayankhula, pamene wapumira pamatithandiza kumva. Pa pepala kupuma kuja palibe.

Polemba fomula, kadontho ndi `AND`, kutanthauza kuti zonse zichitike, ndipo chizindikiro chophatikiza ndi `OR`, kutanthauza kuti chimodzi chikwanira. Matanthauzo awiri aja amalembedwa chonchi:

```
1)  A = K·(C + Z·M)
2)  A = K·(C + Z)·M
```

Pa loyamba, chitseko chokha chikwanira kuliza alamu, koma zenera lifunika umboni wachiwiri wa sensa ya mkati. Pa lachiwiri, ngakhale chitseko chitseguke pululu, alamu ikhala chete mpaka sensa ya mkati ione chinthu. Onse awiri ndi Chichewa cholondola. Sindikanatha kusankha ndekha, komanso sindikanatha kuwafunsa mayiwo kuti mabulaketi akhale pati. Njira yowafunsira inali tebulo.

Tebulo la choonadi

Zolowa zikakhala zinayi, chilichonse cha mayankho awiri, njira zonse zimene zingakumanirane ndi 2 × 2 × 2 × 2, kutanthauza mizere 16. Kuti ndisadumphe mzere kapena kuubwereza, ndimadzaza danga lililonse motsika: danga lomaliza limasinthana 0, 1, 0, 1, lotsatira limasinthana awiriawiri, linalo anayianayi, loyamba limakhala ndi 0 asanu ndi atatu kenako 1 asanu ndi atatu. Mukatero mzere uliwonse umakhala nambala ya bayinare, yolembedwa ndi 0 ndi 1 basi, kuyambira 0 mpaka 15, ndipo mumatha kuutchula ndi nambala yake.

Mizere 0 mpaka 7 yonse ili ndi `K` wa 0, ndiye inadzaza yokha ndi 0. Mzere 8 ndi usiku wamtendere: akiya, zonse zotseka, palibe chayenda. Yotsala isanu ndi iwiri ndinapita nayo kwa mayi, ndipo sindinawaonetse manambala. Mzere uliwonse ndinausandutsa funso la m'nyumba mwawo momwemo.

Ndinayamba ndi mzere 12, umene uli 1100. "Mayi, mwakiya, chitseko chatseguka, koma sensa ya mkati sinaone kalikonse. Ilire?"

Anandiyang'ana modabwa. "Achimwene, chitseko changa chachitsulo chingatseguke chokha? Matumba a yureya timaunjika pakhomo penipeni. Munthu atha kungotambasula dzanja n'kukoka thumba osalowa n'komwe. Ilire pompo."

Yankho limenelo linathetsa mkangano wa matanthauzo awiri aja. Mafomula awiriwo amasiyana pa mizere iwiri yokha, 12 ndi 14, pamene chitseko chili chotsegula koma `M` ali 0. Loyamba limapereka 1, lachiwiri 0. Mayi anafuna 1, ndiye loyamba ndilo linali lawo. Mfundo imeneyi ndimaikonda: mukakayika pakati pa mafomula awiri, musatsutsane za mawu. Pezani mzere umene akusiyana, mufunse za mzere umenewo.

Mzere 14 ndi 15 unayankhanso funso la "kapena". Mu Chichewa cha tsiku ndi tsiku, akakufunsani kuti "tiyi kapena thobwa", akutanthauza kuti musankhe chimodzi. Koma chitseko ndi zenera zikatseguka zonse, palibe mwini sitolo amene angafune kuti alamu ikhale chete chifukwa zachitika ziwiri m'malo mwa chimodzi. "Kapena" wa pano ndi uja wolola zonse ziwiri, `OR` wamba. Ndinafunsabe, chifukwa ndinaphunzira kusaganizira anthu.

Tebulo linatuluka chonchi. Danga la `B` ndilifotokoza posachedwa.

```
mzere  K C Z M | A | B
  0    0 0 0 0 | 0 | 0
  1    0 0 0 1 | 0 | 0
  2    0 0 1 0 | 0 | 0
  3    0 0 1 1 | 0 | 0
  4    0 1 0 0 | 0 | 0
  5    0 1 0 1 | 0 | 0
  6    0 1 1 0 | 0 | 0
  7    0 1 1 1 | 0 | 0
  8    1 0 0 0 | 0 | 0
  9    1 0 0 1 | 0 | 1
 10    1 0 1 0 | 0 | 1
 11    1 0 1 1 | 1 | X
 12    1 1 0 0 | 1 | X
 13    1 1 0 1 | 1 | X
 14    1 1 1 0 | 1 | X
 15    1 1 1 1 | 1 | X
```

Mzere 9, umene palibe anauganizira

Mzere 10 unali wosavuta: zenera latseguka, mkati muli zii. Imeneyo ndi mphepo ya mwera ija, chifukwa chokowera cha zeneralo chinali chitatha. Mayi anati isalire.

Mzere 9 ndi umene unatikhalitsa pansi. Akiya, chitseko n'chotseka, zenera n'lotseka, koma mkati mwayenda chinthu. Mayi anayankha msanga kuti ameneyo ndi mphaka, isalire. Alonda anali atakhala pa thumba la chimanga akumvetsera, ndipo anakhosomola pang'ono asanayankhule.

"Pepani mayi, ndilowererepo. Amene amaba m'masitolo masiku ano salimbana ndi loko. Amasasula lata pamwamba n'kutsikira mkati. Enanso amalowa masana ngati ogula, n'kubisala kuseri kwa matumba mpaka mutatseka."

Ankanena zoona, ndipo chiganizo cha mayi chija sichinatchule n'komwe za denga. Ndikanangotembenuza mawu awo kukhala fomula osadutsa pa tebulo, funso limeneli silikanabwera. Tebulo limakukakamiza kuyankha mizere yonse, kuphatikizapo imene mwini ntchito sanailotepo.

Vuto lake ndi loti mzere umodzi sungakhale ndi mayankho awiri. Kwa alamu, mphaka ndi munthu wotsika padenga onse ndi 1001. Sensa yathu imaona kusuntha kwa kutentha kwa thupi, siiona nkhope. Palibe luso la fomula limene lingalekanitse zinthu ziwiri zimene masensa akuzinena mofanana. Njira ndi ziwiri zokha: kusintha chimene masensa akuona, kapena kuvomereza kuti mzerewo ndi wokayikitsa n'kuupatsa yankho lapakati.

Ndinawaonetsanso chinthu china chimene chinawadabwitsa. Tikanati mzere 9 ukhale 1, mizere yolira ikanakhala 9, 11, 12, 13, 14 ndi 15, ndipo fomula ikanafupika kukhala `K·(C + M)`. Chilembo `Z` chasowamo. Kutanthauza kuti sensa ya pazenera, imene anali atagula kale, sikanakhala ndi gawo lililonse pa kulira kwa sayirini. Ndipo mphaka akanayenera kumagona kunja, makoswe n'kubwerera ku mbewu. Masensa amene amati salabadira ziweto alipo, koma amadalira kuti chiwetocho chiziyenda pansi. Mphaka amene wakwera mulu wa matumba n'kudutsa pafupi ndi diso la sensa amaoneka wamkulu ndithu.

Tinagwirizana zapakati. Sayirini isalire pa mzere 9 ndi 10, koma m'kanyumba ka alonda muzilira kabelu kakang'ono, kuti apite ndi tochi akasuzumire. Kameneko ndiye `B`. Chotuluka chilichonse chimakhala ndi danga lakelake pa tebulo lomwelo, ndi fomula yakeyake.

Kuchoka pa tebulo kufika pa fomula

Ngakhale fomula ya `A` ndinali nditaiona kale, ndinamuuza mnyamata amene ndimamuphunzitsa ntchito kuti aitulutse kuchokera pa tebulo, kuti tione ngati njira ziwirizi zikumana. Njira yake ndi iyi: tengani mzere uliwonse umene `A` ali 1, mulembe zilembo zonse zinayi molumikiza ndi `AND`, ndipo chilembo chimene chili 0 pa mzerewo muchiike kachizindikiro ka `NOT`, kamene ndi `'`, kotanthauza kuti chinthucho sichinachitike. Kenako mizereyo muilumikize ndi `OR`.

```
A = K·C'·Z·M + K·C·Z'·M' + K·C·Z'·M + K·C·Z·M' + K·C·Z·M
```

Fomula iyi ndi yolondola koma ndi yaitali. Kuifupikitsa kwake n'kufunafuna mizere iwiri imene ikusiyana pa chilembo chimodzi chokha koma yankho lake n'lofanana. Chilembo chimenecho ndiye kuti chilibe mphamvu pamenepo, ndipo chimachoka. Mzere 12 ndi 13 ikusiyana pa `M` yekha, ndiye iwiriyi ndi `K·C·Z'`. Mzere 14 ndi 15 chimodzimodzi, imapereka `K·C·Z`. Ziwiri zatsopanozi zikusiyana pa `Z` yekha, ndiye zimasanduka `K·C`. M'mawu wamba: akiya, chitseko chatseguka, zinazo zilibe kanthu.

Watsala mzere 11. Mnzake wosiyana naye pa chilembo chimodzi ndi mzere 15, ndipo akusiyana pa `C`. Mnyamata uja anakayika, akuti mzere 15 taugwiritsa kale ntchito. Palibe choletsa. Kunena chinthu choona kawiri sikuchisintha. M'masamu awa `C + C` ndi `C` yemweyo. Ndiye 11 ndi 15 amapereka `K·Z·M`.

```
A = K·C + K·Z·M = K·(C + Z·M)
```

Inafanana ndi tanthauzo loyamba lija. Masamu amenewa anawakhazikitsa George Boole cha m'ma 1850, ndipo Claude Shannon ndiye anaonetsa mu 1937 kuti amagwira ntchito pa maswichi ndi marile, maswichi oyatsidwa ndi magetsi osati dzanja. Mapu a Karnaugh, a mu 1953, amachita kuphatikiza komweku mwa kujambula mabokosi, koma pa mizere isanu yokha sitinawafune.

Pa kabelu `B`, mizere 11 mpaka 15 ndinailemba `X`, kutanthauza kuti zilibe kanthu kaya kalira kaya ayi. Sayirini ikamalira, kabelu ka alonda palibe amene angakamve. Ufulu umenewu umafupikitsa fomula. Tikanaumirira kuti `B` alire pa 9 ndi 10 pokha, tikanalemba `K·C'·(Z'·M + Z·M')`. Polola kuti alirenso pa 11, 13, 14 ndi 15, timangolemba `B = K·(Z + M)`.

Pokopera fomula ya `A` pa pepala loyera, mnyamatayo anasiya mabulaketi n'kulemba `K·C + Z·M`. Poyang'ana imaoneka yomweyo. Koma `AND` amamanga poyamba `OR` asanabwere, ndiye `K` anatsala akugwira chitseko chokha, ndipo `Z·M` anaima payekha opanda kiyi. Ndinamuuza kuti awerenge mizere imene fomula yakeyo ikupereka 1. `K·C` amapereka 12, 13, 14, 15. `Z·M` amapereka 3, 7, 11, 15. Yonse pamodzi ndi isanu ndi iwiri, pamene tebulo lili ndi isanu. Yoonjezerayo ndi 3 ndi 7: masana, zenera alitsegula kuti mulowe mphepo, antchito akunyamula matumba, sayirini n'kumalira msika wonse ukumva. Kuwerenga ma 1 ndi mayeso achidule amene ndimachita pa fomula iliyonse ndisanagwire waya.

Waya amanena 1 pa nthawi iti?

Tinagwiritsa ntchito kabodi ka Arduino, kamene ndi kakompyuta kakang'ono kokhala ndi mapini olumikizirapo masensa, rile yoyatsira sayirini ya mavoti 12, ndi batire kuti alamu isafe magetsi akazima. Pachitseko ndi pazenera tinaika maswichi a maginito. Chitseko chikatsekeka, maginito amayandikira swichi ndipo swichiyo imalumikiza. Mbali imodzi ya swichi ikapita ku `GND`, waya wa mavoti 0, ndipo pini ikaikidwa pa `INPUT_PULLUP`, kuti bodi iziikokera m'mwamba yokha, chitseko chotseka chimawerengeka `LOW`, kutanthauza 0, chotsegula `HIGH`, kutanthauza 1. Zimenezi zikugwirizana ndi tebulo lathu, komanso zili ndi ubwino wina: wakuba akadula waya, pini imawerenga `HIGH` ngati kuti chitseko chatseguka, alamu n'kulira.

Pa kiyi ndi pamene ndinalakwitsa ineyo. Ndinalumikiza kuti kukiya kuzilumikiza swichi, monga mutu umaganizira kuti kuyatsa ndiko kulumikiza. Pini inkawerenga `LOW` akakiya, ndiye poyesa koyamba alamu inalira chitseko chitatseguka tisanakiye, ndipo titakiya inakhala duu. Mizere ya pamwamba ndi ya pansi inasinthana malo. Chizindikiro chake ndi chimenecho: theka la tebulo likaoneka kuti lasinthana ndi theka linzake, pali cholowa chimodzi chimene chatembenuka.

Ndikanatha kungoika `!`, chizindikiro cha `NOT`, mu pulogalamu n'kupitirira. Koma bokosi la kiyi lili kunja kwa khomo, kuti mayi azikiya atatuluka kale, ndipo waya wake ndi umene wakuba angaufikire msanga. Ndi kalumikizidwe kanga koyamba, kudula waya ameneyo kukanakhala kuzimitsa alamu. Ndinasinthira ku mapini ena a swichi yomweyo kuti kukiya kuzidula dera. Tsopano waya woduka amawerengeka ngati kuti akiya. Izi siziletsa munthu wodziwa amene angagwirizitse mawaya awiriwo m'malo mowadula, n'chifukwa chake tinawadutsitsa m'paipi yachitsulo mpaka kulowa m'khoma.

Sensa ya mkati imatulutsa `HIGH` ikaona kuyenda. Pa pini yake ndinaika rezisita yokokera pansi kuti waya akamasuka pini isamangoyandama n'kumanena zabodza.

```
bool K = digitalRead(2) == HIGH;
bool C = digitalRead(3) == HIGH;
bool Z = digitalRead(4) == HIGH;
bool M = digitalRead(5) == HIGH;
bool A = K && (C || (Z && M));
bool B = K && (Z || M);
```

Tsiku loyesa

Tinayesa mizere yonse 16 ndi manja, umodziumodzi, nditachotsa sayirini n'kuikapo babu kuti tisasokoneze oyandikana nawo. Mnyamata uja ankatsegula ndi kutseka, alonda ankayenda mkati kapena kuima chilili, ine n'kumachonga pa kope. Yonse inagwirizana ndi tebulo. Ndinali wokhutira, ndipo ndinayamba kulongedza zida.

Alonda ndi amene anati tiyese ngati wakuba weniweni. Anamuuza mnyamatayo kuti azungulire kuseri, alowere pazenera, achite zimene munthu wosafuna kuonedwa angachite. Mnyamatayo anatsegula zenera, anatsikira mkati kuseri kwa mulu wa matumba a feteleza, anabweza zenera mwakachetechete, kenako anatulukira pakati pa nyumba. Kabelu ka alonda kanalira kawiri. Babu la sayirini silinayake n'kamodzi komwe.

Nditabwerera ku tebulo ndinaona chimene chachitika. Potsegula zenera anali pa mzere 10, chifukwa mulu wa matumba unkatchinga diso la sensa. Atalibweza anabwerera pa mzere 8. Potulukira poyera anafika pa mzere 9. Mzere 11 sanaupondepo. Fomula sinalakwe, ndipo tebulo silinalakwe. Cholakwika chinali kamvedwe kanga ka liwu limodzi, "ndipo".

Mu Chichewa "ndipo" amagwira ntchito ziwiri. Tikati "kunja kukuzizira ndipo kukugwa mvula", zonse zikuchitika nthawi imodzi. Tikati "anafika ndipo anakhala pansi", china chikutsatira chinzake. Mayi aja ponena kuti "zenera likatseguka ndipo mkati mwayenda chinthu" ankatanthauza chachiwirichi: litseguke, kenako muyende chinthu. Koma `AND` amadziwa choyamba chokha. Tebulo la choonadi lili ngati chithunzi cha kamphindi kamodzi. Silikumbukira chimene chinachitika masekondi khumi apitawo.

Titaona zimenezo, vuto lina la mtundu womwewo linaonekera lokha. Munthu akatsegula chitseko n'kuchibweza msanga, sayirini imangoti pwii kamodzi n'kusiya, chifukwa wachoka pa mzere 12 kubwerera pa 8. Alonda ali kutsidya kwa msewu angaganize kuti ndi hutala ya galimoto.

Zonse ziwiri zinafuna kukumbukira. Pa sayirini ndinaika chogwirira: ikangoyamba kulira, izipitiriza mpaka mayi atsegule ndi kiyi. Fomula yake ili ndi chotuluka chimene chimabwereranso ngati cholowa, `L = K·(A + L)`, ndipo sayirini tsopano imatsatira `L`. Pa zenera ndinasintha tanthauzo la chilembo. M'malo mwa `Z`, "zenera lili lotsegula", ndinaika `Zk`, "zenera lili lotsegula, kapena linali lotsegula m'mphindi ziwiri zapitazi". Tebulo silinasinthe ngakhale mzere umodzi. Chinasintha ndi mutu wa danga lachitatu.

```
if (Z) nthawiZ = millis();
bool Zk = Z || (millis() - nthawiZ < 120000UL);
bool A  = K && (C || (Zk && M));
L = K && (A || L);
```

Pali kamsampha kamodzi apa. Bodi ikangoyaka, `nthawiZ` amayambira pa 0 ndipo `millis()`, amene amawerenga nthawi imene yadutsa chiyakire bodi, nayenso ali pafupi ndi 0, ndiye `Zk` amakhala 1 kwa mphindi ziwiri zoyamba ngakhale zenera silinakhudzidwe. Nthawi yomweyo sensa ya mkati imakhala isanakhazikike, pafupifupi mphindi imodzi, ndipo imatha kunena kuti yaona chinthu pamene palibe. Ziwirizi zikakumana, alamu ingalire yokha nthawi iliyonse posintha batire. Ndinaiuza bodi kuti m'mphindi ziwiri zoyamba izimvera chitseko chokha.

Mphindi ziwiri za kukumbukira zenera ndinazisankha poona nthawi imene mnyamata uja anatenga kuchoka pazenera kufika poyera, n'kuonjezerapo ndithu. Zili ndi mtengo wake, ndipo ndinawauza mayi mosabisa. Wakuba woleza mtima amene angakhale phee kuseri kwa matumba kupitirira mphindi ziwiri adzangoliza kabelu ka alonda. Kutalikitsa nthawiyo nakonso kumakulitsa mpata woti mphepo igwedeze zenera, mphaka adumphe nthawiyo isanathe, sayirini n'kulira pachabe ngati alamu yakale ija. Chimene chinathandiza kwambiri sichinali cha mu pulogalamu: tinasuntha mulu wa feteleza kuuchotsa pansi pa zenera kuti sensa iziona malo otsikira, ndipo owotcherera anaika chokowera chatsopano.

Mnyamata uja anabwereza ulendo wake wa pazenera katatu. Ulendo uliwonse babu linayaka phazi lake lisanafike pansi, ndipo linakhala chiyakire mpaka mayi atatembenuza kiyi.

Chokowera chatsopano chikapirira, mzere 10 sudzakhalanso wa mphepo, ndipo ungathe kukhala 1. Zikatero mizere yolira idzakhala 10 mpaka 15, fomula idzakhala `K·(C + Z)`, kukumbukira kwa mphindi ziwiri kudzachoka, ndipo sensa ya mkati idzatsala ikuliza kabelu ka alonda basi. Mayi anati tisathamange, tione kaye mmene zeneralo lichitire ndi mphepo ya mvula zoyamba komanso mwera wa chaka chamawa. Mzere 9 udakali wosathetsedwa. Ndawapatsa mtengo wa waya woonda woyendetsa pansi pa malata, amene angaduke munthu akasasula lata. Akavomera, chidzakhala chilembo chachisanu, mizere idzakhala 32, ndipo ndawapempha alonda kuti tsiku lodzaza tebulo limenelo adzakhalepo.